Mchira wakuda komanso mchira wowala: kutchera ovadiraivi pa monita ya magemu

Mphwanga, mwana wa achemwali anga amene ndimakhala naye kuno ku Rosettenville, ku Joni, anagula monita ya magemu m'mwezi wa Juni. Inali yoti wina anaigwiritsapo kale ntchito, ya mainchesi 27, mtundu wa IPS, yofika 165Hz, kutanthauza kuti imatsitsimutsa chithunzi ka 165 pa sekondi, ndipo pa katoni yake panalembedwa 1ms, kunena kuti milisekondi imodzi, ndi zilembo zikuluzikulu. Patapita masiku atatu anandiitanira kuchipinda kwake ali wokhumudwa. "Amalume, andigulitsa chinthu chakufa. Taonani mitengo iyi." Anali mu gemu ya Red Dead Redemption 2, ndipo akatembenuza kamera, mtengo uliwonse umakoka kamzere koyera m'mbali mwake, ngati wina waudutsitsa choko. Chomwe chimamusokoneza mutu n'chakuti mu Counter-Strike 2, pa monita yomweyo, zithunzi zimaoneka bwinobwino.

Monitayo inalibe vuto. Mu menyu yake munali mzere wolembedwa `Overdrive`, wokhala ndi masitepe anayi: `Off`, `Normal`, `Fast` ndi `Extreme`. Mphwanga anali ataika pa `Fast`, atayamba wayesa `Extreme` n'kuona kuti yanyanya. Kusankha kwake sikunali kopusa ayi, chifukwa pa 165Hz `Fast` imagwiradi bwino. Cholakwika chinali chakuti anasankha sitepe poyang'ana gemu yothamanga kwambiri, pamene vuto la ovadiraivi limatulukira pa gemu yoyenda pang'onopang'ono. Kuti izi zimveke, tiyenera kuyamba taona chimene chimachitika mkati mwa pikiseli imodzi, kadontho kamodzi mwa timadontho timene timapanga chithunzi pa sikirini.

Monita ya LCD, kaya ndi TN, IPS kapena VA, ili ndi nyali kumbuyo imene imangoyaka. Kutsogolo kwa nyaliyo kuli timakiristalo tamadzimadzi timene timapotoka tikapatsidwa mphamvu ya magetsi, ndipo kupotokako ndi kumene kumatsegula kapena kutseka njira ya kuwala. Timakiristaloti ndi zinthu zenizeni zoyenda m'madzi olemerera, choncho sitisintha nthawi yomweyo. Pikiseli ikauzidwa kuti ichoke pa mtundu wotuwa wakuda kupita pa wotuwa woyererako, imatenga mamilisekondi angapo kuti ifike. Nthawi imeneyi ndi imene opanga amailemba kuti GtG.

Tsono yerekezani nthawi imeneyo ndi nthawi imene chithunzi chimodzi, kapena kuti felemu, chimakhala pa sikirini. Pa 60Hz felemu imakhala mamilisekondi 16.7. Pa 144Hz imakhala 6.9, pa 165Hz pafupifupi 6, ndipo pa 240Hz imangokhala 4.2. Ngati pikiseli ikufuna mamilisekondi 12 kuti isinthe koma felemu yatsopano ikubwera pakangotha 6, ndiye kuti chithunzi chatsopano chimapeza pikiseliyo ili pakati pa ulendo. Zotsalira za chithunzi chakale zimaonekabe kumbuyo kwa chinthu chimene chikuyenda. Uwu ndiye mchira umene anyamata a magemu amautchula kuti gositing'i, dzina lochokera ku mawu otanthauza mzukwa.

Ovadiraivi ndi kachinyengo kochenjera kothana ndi kuchedwaku. Kuwala kwa pikiseli kumawerengedwa kuyambira 0, kumene ndi kuda bii, mpaka 255, kuyera mbuu. Tinene kuti pikiseli ili pa 50 ndipo ikuyenera kupita pa 150. Monita ikangoiuza kuti "pita pa 150", imanyamuka mwaulesi ndipo felemu imatha isanafike. Ndiye monita imainamiza: kwa felemu imodzi yokha imaiuza kuti "pita pa 190". Poona kuti ulendo ndi wautali, pikiseli imanyamuka ndi liwiro, ndipo pamene felemu ikutha imakhala yafika cha pa 150. Felemu yotsatira monita imaiuza zoona, n'kukhazikika pomwepo. Manambala awa ndangopereka ngati chitsanzo, koma njira yake ndi imeneyi. Mkati mwa monita muli tebulo limene limati, ukachoka apa kupita apo, wonjezera chakuti. Masitepe a mu menyu aja amangosankha kuti kuwonjezerako kukhale kochuluka bwanji.

Kwa ife amene tinakulira pa mzere wa pampope, zimenezi si zachilendo. Ukufuna madzi afike pa mzere wina wake mu ndowa, ndipo wapatsidwa masekondi asanu ndi limodzi okha. Ukatsegula mpope pang'ono, nthawi itha madzi asanafike. Ukatsegula kwambiri, afika ndendende. Koma wina akakusinthira nthawi osakuuza, n'kukhala masekondi khumi ndi asanu ndi limodzi, iwe mpope uli chitsegulire momwemo, madzi apitirira mzere uja. Pikiseli ija nayo, ikauzidwa 190 kwa nthawi yaitali, siima pa 150. Imapitirira mpaka cha ku 180, kenaka felemu yotsatira n'kubwerera. Kupitirira kumeneku ndi kumene diso limakuona ngati kamzere kowala kotsata chinthu. Amakutchula kuti invesi gositing'i, kunena kuti mzukwa wotembenuzidwa.

Kusiyanitsa michira iwiriyi

Ambiri amaloweza kuti gositing'i ndi mchira wakuda, invesi ndi mchira woyera. Nthawi zambiri zimakhaladi choncho, koma lamulo limeneli likhoza kukusocheretsani. Cholondola ndi kuyerekeza mchira ndi chinthu chimene chikuukoka. Mtengo wakuda ukamadutsa pa thambo lotuwa, mapikiseli a kumbuyo kwake akuyenera kuchoka pa kuda kubwerera pa kutuwa. Akachedwa, mchira umakhala wakuda ngati mtengo womwewo. Akapitirira, mchira umawala kuposa thambo. Koma chinthu choyera chikamadutsa pa thambo lomwelo, zimatembenuka: kuchedwa kumasiya mchira woyera, kupitirira kumasiya mchira wakuda kuposa thambo. Choncho mchira wofanana ndi mwini wake ndi chizindikiro chakuti ovadiraivi yachepa. Mchira wotsutsana ndi mwini wake, umene mtundu wake supezeka pa chinthucho kapena kumbuyo kwake, ndi chizindikiro chakuti yachuluka.

Palinso kusiyana kwa maonekedwe. Mchira wa kuchedwa umakhala wofewa, umazimiririka pang'onopang'ono ngati utsi. Wa kupitirira umakhala ndi malire akuthwa, ndipo nthawi zina umatenga mtundu wachilendo, wobiriwirako kapena wofiirira, chifukwa pikiseli iliyonse ili ndi tizigawo titatu, kofiira, kobiriwira ndi kabuluu, ndipo sitipitirira mofanana. Ichi n'chifukwa chake ine ndimati ngati mukuyenera kulakwitsa, lakwitsirani ku mbali ya kuchepa. Mchira wofewa umabisala mu kusaoneka bwino kumene chithunzi choyenda chimakhala nako kale, koma kamzere kowala kamakoka diso nthawi zonse, ndipo ukangokaona kamodzi sungathenso kusakaona.

Tisanakhudze batani lililonse, ndinamuuza mphwanga kuti ajambule sikirini kuchokera mkati mwa kompyuta pamene akutembenuza kamera, ndi batani la `Print Screen`. Chifukwa chake n'chakuti magemu ambiri a masiku ano amapanga michira yawoyawo. Njira yosalaza m'mbali mwa zinthu yotchedwa `TAA` imasakaniza mafelemu apitawo ndi atsopano, ndipo imasiya mizukwa, makamaka kumbuyo kwa tsitsi, udzu ndi mawaya. `Motion Blur` nayo imapaka dala chithunzi. Michira yotere imaoneka pa chithunzi chojambulidwa, chifukwa inapangidwa chithunzicho chisanachoke mu kompyuta. Mchira wa monita suoneka pamenepo, chifukwa umabadwira pa galasi. Chithunzi cha mphwanga chinatuluka choyera bwino, mitengo yopanda choko. Apa tinadziwa kuti mlandu uli pa monita.

Kuyesa kwenikweni

Choyamba chinali kudikira. Joni mu Juni ndi Julaye m'mawa kumazizira mpaka kufika pafupi ndi madigiri 0, ndipo nyumba zambiri zimene timachita lendi zilibe chotenthetsera chilichonse. Madzi a timakiristalo tija akazizira amalemera ngati mafuta ophikira osiyidwa pawindo, ndipo pikiseli imachedwa kuposa masiku onse. Mukayesa monita itangoyatsidwa kumene m'chipinda chozizira, muona mchira wautali, mukweza ovadiraivi, ndipo pakatha theka la ola monita itatentha mupeza kuti mwapitirira. Isiyeni iyake kwa mphindi 20 kapena 30. Magetsi akathima kwa maola awiri n'kubweranso, werengani kuti mwayambiranso.

Chachiwiri chinali kutsimikiza kuti Windows ikutumizadi 165Hz. Anthu ambiri amagula monita yothamanga n'kukhala nayo chaka chonse pa 60Hz osadziwa. Pa Windows 11 njira yake ndi iyi:

```
Settings > System > Display > Advanced display > Choose a refresh rate
```

Malo omwewa tidzabwereranso, chifukwa ndi pamene tidzatsitsire liwiro dala.

Kenaka tinatsegula `testufo.com/ghosting`, tsamba la Blur Busters limene oyesa mamonita ambiri amagwiritsa ntchito. Limaonetsa tizombo ta m'mlengalenga tikudutsa pa mizere itatu, wakuda, wapakati ndi wowala, pa liwiro la mapikiseli 960 pa sekondi. Tsekani zina zonse mu bulawuza ndipo dikirani mpaka pansi palembedwe kuti `READY` komanso nambala ya mafelemu ifanane ndi ya monita. Ngati tsambalo likudandaula za kudodoma, zimene mukuona si zodalirika.

Kayang'anidwe kake n'kofunika. Tsatani kachombo kamodzi ndi maso kuchokera kumanzere mpaka kumanja, monga mumachitira potsata mdani mu gemu. Musayang'ane malo amodzi n'kumadikira kuti tizombo tidutse. Ndipo musadalire chithunzi cha foni yoima chilili, chifukwa kamera yosasuntha imagwira mafelemu awiri kapena atatu nthawi imodzi n'kukuonetsani tizombo tiwiri ngakhale pa monita yabwino kwambiri. Ndaonapo anthu akukangana ndi ogulitsa chifukwa cha zithunzi zoterezi, pamene cholakwa chinali kajambulidwe.

Pa 165Hz, zimene tinaona zinali izi. Pa `Off`, kumbuyo kwa kachombo kunali mchira wofewa wooneka bwino lomwe, makamaka pa mzere wakuda. Masamu ake ndi osavuta: pa liwiro la 960, kachombo kamasuntha pafupifupi mapikiseli 6 pa felemu iliyonse, ndiye pikiseli yofuna mafelemu awiri kuti isinthe imasiya mchira wa mapikiseli pafupifupi 12. Pa `Normal` mchira unafupika, n'kungotsala kachithunzithunzi kakang'ono pa mzere wakuda. Pa `Fast` unatsala pang'ono kutheratu, ndipo ukayang'anitsitsa pa mzere wapakati umaona kuwala kochepa kwambiri, koti mu gemu sungakuzindikire. Pa `Extreme`, kachombo kalikonse kamatsatidwa ndi mnzake woyera. Ndi sitepe yotereyi imene nthawi zambiri imapatsa opanga mpata wolemba 1ms pa katoni. Nambala ya GtG mwachizolowezi imayezedwa kuyambira pa 10 peresenti mpaka pa 90 peresenti ya ulendo wa pikiseli, ndipo sinena chilichonse za mmene pikiseliyo yapitirira itafika. Pikiseli imene yathamanga n'kudutsa pakhomo pake imalembedwa kuti ndi yachangu.

"Ndiye `Fast` ndi yolondola, amalume, monga ndinaikira," anatero mphwanga. Pa 165Hz, inde. Tinabwerera ku Windows n'kutsitsa kufika pa 120Hz. `Fast` inayamba kuonetsa kamzere kowala koonekeratu. Titafika pa 60Hz, `Fast` imaoneka ngati mmene `Extreme` imaonekera pa 165Hz, pamene `Normal` inali itayera bwino, mchira wake uja utatha. Sitinasinthe chilichonse pa monita, tinangotalikitsa nthawi imene mpope umakhala chitsegulire, kuchoka pa mamilisekondi 6 kufika pa 16.7.

Chifukwa chake gemu imodzi imavuta, inayo ayi

Monita ya mphwanga inali ndi FreeSync yoyatsidwa. FreeSync, G-Sync ndi Adaptive-Sync zonse zimachita ntchito imodzi: monita imasiya kuyendera liwiro lokhazikika, n'kumadikira kompyuta kuti imalize felemu. Kompyuta ikamatulutsa mafelemu 160 pa sekondi, monita imayenda pa 160Hz. Ikatsika pa 62, monita nayo ili pa 62Hz. Izi zimachotsa kung'ambika kwa chithunzi ndipo ine sindingalangize munthu kuti azizimitse mwachisawawa. Koma zikutanthauza kuti kutalika kwa felemu kukusinthasintha nthawi zonse, pamene tebulo la ovadiraivi pa mamonita ambiri otsika mtengo ndi limodzi lokha, lokonzedwera liwiro lapamwamba.

Mu Counter-Strike 2 kompyuta yake imatulutsa mafelemu opitirira 165, choncho monita imakhala pamwamba penipeni, pamene `Fast` imagwira bwino. Mu Red Dead Redemption 2 imangokwanitsa pakati pa 55 ndi 70. Monita imatsika nayo limodzi, ndipo ovadiraivi yokonzedwera felemu yaifupi imakankha mapikiseli kwa nthawi yotalika kuposa kawiri. Choko cha pa mitengo chija chimachokera pamenepa.

Pali mfundo ina pano imene imasokoneza ngakhale anthu odziwa. Chimene chikuwerengedwa ndi liwiro la monita, osati la gemu. Mukazimitsa FreeSync n'kusiya monita pa 165Hz yokhazikika, gemu ikhoza kumayenda pa mafelemu 60 koma galasi likutsitsimutsidwabe ka 165 pa sekondi, ndipo ovadiraivi imachita monga mwa nthawi zonse. Mudzasinthanitsa kamzere kowala ndi kung'ambika kapena kudodoma kwa chithunzi, koma ndi njira yabwino yotsimikizira kumene vuto likuchokera. Chodabwitsa china: mamonita ambiri a FreeSync ali ndi malire apansi, kawirikawiri 48Hz. Gemu ikatsika kupitirira pamenepo, felemu iliyonse imaonetsedwa kawiri kapena katatu, moti mafelemu 45 amayendetsa monita pa 90Hz kapena kuposa. Ndiye mukhoza kupeza kuti pa 45 mchira wowala wachepa kusiyana ndi pa 55. Malo oipitsitsa nthawi zambiri ndi amene ali pamwamba pang'ono pa malire aja, cha m'ma 50 ndi m'ma 60, kumene ndi komwenso magemu olemera amakonda kukhala.

Mamonita ena amathetsa zimenezi posintha mphamvu ya ovadiraivi molingana ndi liwiro. Amene ali ndi kachipangizo ka G-Sync ka NVIDIA mkati mwake amadziwika ndi zimenezi kuyambira kale, ndipo ena opanda kachipangizoko amalemba mawu ngati `Variable OD` kapena `Smart OD` mu menyu. Dzina lokha lisakukhutiritseni. Yesani pa 60Hz ndi pamwamba monga tinachitiramu, muone ngati sitepe imodzi ikugwiradi monsemonse.

Kuyesa kwa pa Windows kumapereka chithunzi chabwino, koma woweruza womaliza ndi gemu yeniyeni FreeSync ili yoyaka, popeza mamonita ena amachita mosiyana pa 60Hz yokhazikika ndi pa 60Hz yobwera chifukwa cha FreeSync. Tinayatsa kanambala ka monita koonetsa liwiro pakona, kenaka mu konsolo ya Counter-Strike 2, malo olembamo malamulo a gemu, tinaika malire a mafelemu pa sekondi polemba:

```
fps_max 60
```

Tinaima moyang'anizana ndi mtengo wa magetsi umene kumbuyo kwake kunali thambo, n'kumayenda cham'mbali ndi mabatani a `A` ndi `D`. Kuyenda ndi mabatani n'kwabwino kuposa kugwedeza mausi chifukwa liwiro limakhala lofanana nthawi zonse. Pa `Fast`, kamzere koyera kanatulukira mu gemu yomwe mphwanga amati ilibe vuto. Tinakweza pa 90, kanachepa. Pa 120 kamangooneka ukakafuna. Cha pa 140 kupita m'mwamba kanasowa. Musaiwale kubwezera nambala yanu ya kale mukamaliza.

Tsono kusankha

Funso loyenera kudzifunsa si lakuti monita yanga imafika pati, koma lakuti magemu amene ndimasewera amatsika mpaka pati nkhondo ikafika pachimake. Pezani nambala imeneyo, ndipo sankhani sitepe yapamwamba kwambiri imene siionetsa mchira wotsutsana pa nambalayo. Kwa mphwanga, yankho la sitepe imodzi yosasinthasintha linali `Normal`. Pa 165Hz imasiya kachithunzithunzi kakang'ono pa malo amdima, pa 60 imayera. Mtengo wolipira ndi wochepa.

Iye sanakhutire msanga. "Koma amalume, `Normal` sichedwetsa masewera?" Apa pali kusokoneza zinthu ziwiri. Nthawi yochoka pamene wadina mausi kufika pamene monita yayamba kujambula felemu ndi nkhani ina, ndipo sitepe ya ovadiraivi siikhudza kwenikweni. Chimene imasintha ndi mamilisekondi ochepa amene pikiseli imatenga kuti ifike pa mtundu watsopano. Kusiyana kwa `Normal` ndi `Fast` n'kochepa kuposa felemu imodzi. Chipolopolo chanu sichichedwa, ndipo mdani wozunguliridwa ndi kamzere koyera ndi wovuta kumulunjika kuposa wokoka kautsi pang'ono. Mantha ena akuti `Extreme` ipsereza monita nawonso alibe maziko. Mphamvu zonse zimene ovadiraivi imagwiritsa ntchito zili mkati mwa malire a 0 mpaka 255 amene galasi limalandira tsiku ndi tsiku. Imangoipitsa chithunzi, ndipo mukatsitsa sitepe zonse zimabwerera.

Malire omwewa akufotokozanso chinthu chimene ovadiraivi singathe. Pikiseli yopita pa 255 simungaiuze 300, yopita pa 0 simungaiuze nambala yochepera pamenepo. Maulendo okathera kumathero alibe mpata wonamizira. Ndipo pa mamonita a VA, amene amakondedwa chifukwa cha kuda kwake kozama, maulendo ochoka pa mdima kupita pa mdima wopepukirako amachedwa kwambiri, nthawi zina mamilisekondi opitirira 20. Kumeneko ndi kumene kumachokera kupakika kwakuda kumene mumaona mukamayenda m'phanga mu gemu kapena mukamatsitsa tsamba la zilembo zoyera pa malo akuda. Mukakweza ovadiraivi kuti muthamangitse maulendo amdimawa, maulendo apakati amene anali kale bwino amapitirira, ndipo mumakhala ndi michira yonse iwiri nthawi imodzi, wakuda pa mzere wakuda wa TestUFO ndi wowala pa mzere wapakati. Pa VA yotere palibe sitepe yoyera. Tcherani poyang'ana mzere wapakati, mdimawo muuvomereze. Ena amakweza pang'ono kuwala kwa malo amdima mu menyu kuti mapikiseli asamayambire pansi penipeni, ndipo zimathandizako, koma mukutaya kuda kumene munagulira monitayo.

Pomaliza penipeni pa kuyesa kwathu, `Normal` ili pa 60Hz ndipo mchira utatha, mphwanga anaona kuti kachombo kaja sikakuonekabe bwino. Kanali kosalongosoka kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Uku si kuchedwa kwa pikiseli. Monita imagwira felemu iliyonse chiimire mpaka ina ibwere, pamene diso lanu likupitiriza kuyenda potsata chinthu, ndiye chithunzi chimapakika pa diso lenilenilo. Pa liwiro la 960, kupakikaku ndi mapikiseli 16 pa 60Hz ndi pafupifupi 6 pa 165Hz, ngakhale pikiseli itamasintha nthawi yomweyo. Ngakhale monita ya OLED, imene mapikiseli ake ndi achangu moti mu menyu yake mulibe mzere wa ovadiraivi, imakhala nako. Chizindikiro chake n'chakuti kumakhudza chinthu chonse mofanana, pamene mchira umangokhala kumbuyo. Mankhwala ake ndi mafelemu ochuluka, kapena njira yophethiritsa nyali ya kumbuyo imene imapezeka ndi mayina ngati `ULMB`, `ELMB`, `DyAc` kapena `MBR`. Njira imeneyi imachepetsa kuwala, ndipo pa mamonita ambiri sigwira limodzi ndi FreeSync, nthawi zinanso imatseka mzere wa ovadiraivi kuti musaukhudze. Anthu ambiri amene ndawapeza ali pa sitepe yapamwamba amakhala akuthamangitsa kupakika kumeneku ndi batani lolakwika.

Ngati mu menyu yanu simukupeza mawu oti `Overdrive`, dziwani kuti kampani iliyonse ili ndi dzina lake. LG, Dell, Samsung ndi MSI amalemba `Response Time`. ASUS amalemba `Trace Free` kapena `OD`, BenQ amati `AMA`, Acer amati `Over Drive`. Mayina a masitepe sayerekezeka pakati pa monita ndi monita: `Fast` pa ina ndi sitepe yapansi penipeni, pa ina ndi yachitatu. Werengani malo ake pa mndandanda, osati dzina, ndipo musakopere zimene mnzanu waika pokhapokha monita yake ndi yofanana ndendende ndi yanu.

Mphwanga pamapeto pake sanasankhe sitepe imodzi. Monita yake imalola kusunga makonzedwe awiri, ndipo tinatsimikiza kuti aliwonse akusunga ovadiraivi yakeyake, chifukwa pa mamonita ena mzerewu umakhala umodzi pa makonzedwe onse. Oyamba anaika `Fast` ndipo amawagwiritsa ntchito pa Counter-Strike 2 pokha, kumene mafelemu satsika pansi pa 140. Achiwiri anaika `Normal`, a magemu olemera, mafilimu ndi ntchito za kusukulu. Mnzake akabwera ndi PlayStation 5 Loweruka kudzasewera mpira, amasiya pa achiwiriwo, popeza makinawo amatumiza 60Hz kapena 120Hz, ndipo pa monita iyi manambala onse awiri ali pansi pa malo amene `Fast` imayambira kuyera. Tinagwirizananso kuti tidzatsegulanso tsamba la tizombo lija mu Disembala, chipinda chikatentha, chifukwa zonsezi tinaziyesa atavala jekete.